Kuika mtengo wa kutha kwa zipangizo mu bajeti ya ntchito yaing'ono yopezera ndalama: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa asungichuma ndi makomiti a magulu a m'midzi, a m'mipingo ndi a m'masukulu amene ali ndi ntchito yopezera ndalama yodalira makina. Chitsanzo chimene tatsata kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto ndi chigayo cha dizilo choyendetsedwa ndi gulu, popeza chigayo chimaonetsa bwino momwe chitsulo chimathera pang'onopang'ono anthu osazindikira. Mitengo yonse ya m'chitsanzochi ndi yongophunzirirapo masamu. Poika zanu mu bajeti, funsani mitengo ya lero kwa ogulitsa.

Kodi kutha kwa zipangizo n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani kuyenera kuoneka mu bajeti pamene palibe ndalama imene yatuluka?

Chipangizo chilichonse chimene chimagwira ntchito kwa zaka zingapo chimatha pang'onopang'ono, ndipo mtengo wake umatsika chaka ndi chaka kufikira tsiku limene chidzasiyiretu kugwira ntchito. Akatswiri owerengera chuma amakutchula kutsika kumeneku kuti dipirisiyeshoni, koma tanthauzo lake ndi losavuta: ngati injini imene munagula pa K3,500,000 idzakhala yotha pakapita zaka zisanu, ndiye kuti chaka chilichonse mukudya gawo limodzi la injiniyo, monga momwe mukudyera dizilo ndi oyilo. Kusiyana kwake n'kwakuti dizilo mumalipira lero ndipo mumapatsidwa lisiti, pamene injini munalipiriratu kalekale, ndipo tsiku lolipiranso lili patsogolo.

N'chifukwa chake mtengo umenewu umaiwalika. M'buku la msungichuma mumalembedwa zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo kutha kwa injini sikutulutsa tambala iliyonse m'bokosi. Pakutha pa mwezi ndalama yotsala imaoneka ngati phindu lonse, komiti imagawa, mamembala amasangalala, ndipo zimenezi zimapitirira mpaka m'mawa wina pamene injini ikana kulira ndipo mekaniki anena kuti palibenso chokonza. Pa nthawi imeneyo m'pamene gulu limazindikira kuti mbali ina ya ndalama zimene linkagawana inali mpamba. Zaka zonsezo linkadya injini.

Kodi kulemba kutha kwa zipangizo m'buku ndi kusunga ndalama yogulira zina si chinthu chimodzi?

Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo magulu ambiri amagwa chifukwa chochita choyamba chokha. Kulemba m'buku kumakuthandizani kudziwa phindu lenileni, popeza mumachotsa mtengo wa kutha kwa makina musananene kuti mwapindula zingati. Koma nambala yolembedwa papepala singagule injini. Kuti injini ina idzagulidwe, pafunika kuti ndalama yeniyeni ichotsedwe m'bokosi la tsiku ndi tsiku n'kuikidwa m'thumba lapadera limene siligwiritsidwa ntchito ina.

Choncho bajeti yabwino imakhala ndi mzere wa kutha kwa zipangizo pakati pa zowonongera, pamodzi ndi dizilo ndi malipiro, ndipo buku la ndalama limaonetsa tsiku limene ndalama ya pamzere umenewo inapita kuthumba logulira zipangizo zina. Ngati mzere ulipo koma thumba mulibe kanthu, msungichuma ayenera kufotokoza kumene ndalamayo inalowera.

Ndi zinthu ziti zimene tiyenera kuziwerengera motere, nanga ndi ziti zimene tiziike pa zowonongera wamba?

Muyeso wosavuta ndi uwu: chinthu chimene chimakhala kupitirira chaka chimodzi, ndipo mtengo wake ndi waukulu moti simungachigule ndi ndalama ya mwezi umodzi, chiikeni pa mndandanda wa zipangizo zotha pang'onopang'ono. Pachigayo zimenezi ndi injini kapena mota ya magetsi, chigayo chenichenicho, makina okonolera, sikelo yaikulu ngati ilipo, ndi nyumba imene makinawo akhalamo. Malo amene nyumbayo yamangidwapo sawerengedwa, chifukwa nthaka siitha ndi ntchito.

Sefa, malamba, nyundo za m'chigayo, mabering'i, mafyuluta, oyilo ndi girisi zimatha msanga ndipo zimagulidwa kangapo pachaka, motero malo ake ndi pamzere wa zokonzera ndi kusamalira makina. N'kofunika kuti mizere iwiriyi isasakanizidwe. Gulu likayamba kutapa m'thumba la injini pofuna kugula lamba lero ndi sefa mawa, thumbalo limatha mosaonekera, ndipo aliyense amakhala ndi chifukwa chomveka chimene anatapiramo.

Chinanso n'chakuti musawerengere chigayo chonse ngati chinthu chimodzi. Injini imatha msanga kuposa thupi la chigayo, ndipo nyumba imakhalitsa kuposa zonse. Mukaziphatikiza n'kunena kuti chigayo chathu chikhala zaka khumi, mudzapezeka kuti m'chaka chachisanu mwasunga theka chabe pamene injini yafa kale.

Tingawerengere bwanji ndalama yoyenera kuika pambali?

Njira yosavuta, imenenso ndi yokwanira pa ntchito yaing'ono, ndi yogawa mtengo mofanana pa zaka zonse. Pa chipangizo chilichonse mufunika kudziwa zinthu zitatu: mtengo wonse umene chinakufikirani nacho pamalo, zaka zimene mukuyembekeza kuti chigwira ntchito, ndi ndalama imene mungapeze mutachigulitsa chitatha. Mtengo wofikira pamalo suli wa m'sitolo wokha. Muwonjezepo galimoto imene inanyamula, simenti ya maziko ndi malipiro a mmisiri amene anachimanga, pakuti zonsezi mudzazilipiranso pogula china. Kenako muchotse ndalama yogulitsira chakale pa mtengowo, n'kugawa yotsalayo ndi zaka.

Tiyeni titenge gulu limene lili ndi chigayo cha dizilo. Injini inafika pamalo ndi K3,500,000, gulu likuyembekeza kuti igwira zaka zisanu, ndipo ikadzatha ingagulitsidwe K500,000 kwa amene amafuna zitsulo zake. Yotsala ndi K3,000,000, imene tikaigawa pa zaka zisanu ikupereka K600,000 pachaka. Chigayo chenichenicho chinafika ndi K2,400,000, chikhala zaka zisanu ndi zitatu, chidzagulitsidwa K400,000, ndiye kuti pachaka ndi K250,000. Makina okonolera anafika ndi K1,800,000, akhala zaka zisanu ndi chimodzi, adzagulitsidwa K300,000, ndipo nawonso akupereka K250,000 pachaka. Nyumba inamangidwa ndi K2,000,000 ndipo tikuiwerengera zaka makumi awiri popanda chogulitsa, ndiye K100,000 pachaka. Zonse pamodzi ndi K1,200,000 pachaka, kapena K100,000 pamwezi.

Tsopano tione chimene nambala imeneyi ikuchita ku bajeti. Tinene kuti chigayochi chimagaya ndowa 1,000 pamwezi pa mtengo wa K1,000 ndowa imodzi, ndiye kuti chimalowetsa K1,000,000. Dizilo amatenga K500,000, malipiro a wogayitsa ndi mlonda K200,000, zokonzera ndi oyilo K90,000, ndipo zina monga mayendedwe ndi chiphaso cha kukhonsolo K30,000. Zotuluka zonse ndi K820,000, ndipo m'bokosi mumatsala K180,000. Gulu limene silinaike mzere wa kutha kwa zipangizo limanena kuti phindu lake ndi K180,000. Phindu lenileni ndi K80,000, chifukwa K100,000 ija ili ndi mwini wake kale, amene ndi makina.

Tidziwa bwanji zaka zimene chipangizo chikhale, popeza wogulitsa aliyense amati chake n'cholimba?

Musadalire mawu a wogulitsa okha. Pitani kwa eni zigayo awiri kapena atatu a m'dera lanu amene ali ndi injini ya mtundu womwewo, muwafunse kuti anaigula liti, anaitsegula koyamba patapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anaisinthapo. Funsaninso mekaniki amene amakonza zigayo za kumeneko, pakuti iye ndi amene amaona injinizi zili zophwasula ndipo amadziwa zimene zimafa msanga. Mayankho akasiyana, tengani zaka zochepazo. Mukalakwitsa poyerekeza zaka zochepa, mudzakhala ndi ndalama yokwanira injini ikadali yamoyo, ndipo palibe chimene mwataya. Mukalakwitsa poyerekeza zaka zambiri, chigayo chidzaima.

Moyo wa injini umadaliranso momwe ikusamalidwira. M'nyumba ya chigayo mumakhala fumbi la ufa tsiku lonse, ndipo injini imene ili m'chipinda chimodzi ndi chigayo, popanda khoma lolekanitsa, imapuma fumbi limenelo. Fyuluta ya mpweya ikapanda kutsukidwa ndi kusinthidwa, oyilo akamapitirira nthawi yake, kapena dizilo akamagulidwa m'zigubu zosadziwika bwino momwe mungakhale madzi kapena palafini, zaka zisanu zija zingatsike kufika pa zitatu. Ngati mukudziwa kuti kasamalidwe kanu kali ndi zofooka zotere, lembani zaka zogwirizana ndi momwe zinthu zilili, kenako mukonze zofookazo.

Chipangizo chogulidwa chakale chimawerengedwa ndi zaka zimene zatsala, osati zaka za chatsopano. Injini yotsika mtengo imene yatsala ndi zaka ziwiri ingafune kuti muzisunga ndalama yambiri pamwezi kuposa yatsopano.

Ntchito yathu imayenda ndi nyengo. Tingakwanitse bwanji K100,000 m'miyezi imene anthu sagayitsa kwambiri?

Funso limeneli ndi lenileni, chifukwa chigayo cha kumudzi sichigwira ntchito mofanana chaka chonse. Anthu akakolola, kuyambira cha mu Epulo ndi Meyi kupita m'tsogolo, pamakhala mzere wa ndowa ndi matumba kuyambira m'mamawa, koma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, wogayitsa amatha kukhala theka la tsiku osaliza injini. Kuumirira ndalama yofanana mwezi uliwonse kumachititsa kuti m'miyezi yovuta gulu lilephere, ndipo likalephera kawiri katatu limasiyiratu.

Njira yabwino ndi kumangirira ndalamayo pa ntchito imene yagwirika. M'chitsanzo chathu chigayo chimagaya ndowa 12,000 pachaka, ndipo tikagawa K1,200,000 ndi nambala imeneyi tikupeza K100 pa ndowa iliyonse. Lamulo la gulu likhale lakuti pa ndowa iliyonse yogayidwa, K100 ndi ya makina. Mwezi umene mwagaya ndowa 1,600 mumasunga K160,000, ndipo mwezi wa ndowa 500 mumasunga K50,000. Njira imeneyi ili ndi chilungamo chake, pakuti injini imatha kwambiri pamene ikugwira ntchito kwambiri. Ine ndimaikondanso chifukwa ndi yosavuta kuifotokoza pamsonkhano: membala amene sanapite patali ndi sukulu amamva msanga mukanena kuti pa K1,000 imene mayi walipira pogayitsa, K100 si yathu.

Koma njirayi imafuna kuti ndowa ziziwerengedwa moona. Pakhale kabuku ka pachigayo momwe wogayitsa amalemba ndowa za tsiku lililonse, ndipo wina wa m'komiti aziyerekeza nambala imeneyo ndi dizilo amene watha. Nyumba imatha ndi nthawi, kaya mwagaya kaya simunagaye, choncho ngati chaka chavuta kwambiri n'kugaya ndowa zochepa kuposa zimene munayembekeza, onetsetsani kuti gawo la nyumba lakwanabe.

Mitengo imakwera chaka ndi chaka. Kodi ndalama yowerengedwa pa mtengo wakale idzakwanira kugula injini yatsopano?

Sidzakwanira, ndipo apa m'pamene ngakhale magulu osamala amapunthwa. Injini, mota ndi zitsulo zambiri zosinthira zimachokera kunja kwa dziko, motero mtengo wake umatsata mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Gulu limene linagula injini kusintha kumeneku kusanachitike, n'kumasunga mokhulupirika potsata mtengo umene linagulira, linapezeka kuti lasunga zonse zimene linalonjeza koma ndalamayo sikufika pa mtengo wa m'sitolo.

Yankho lake ndi kuwerengeranso chaka chilichonse potsata mtengo wa lero. Kamodzi pachaka, polemba bajeti yatsopano, tumani munthu kapena imbani foni kwa ogulitsa awiri kuti mudziwe mtengo wa injini yofanana ndi yanu. Pa mtengo umenewo muchotse ndalama imene mungapeze pogulitsa yakale, muchotsenso imene mwasunga kale, ndipo yotsalayo muigawe ndi zaka zimene injini yanu yatsala nazo.

Tibwerere kuchitsanzo chathu. Patha zaka ziwiri ndipo gulu lasunga K1,200,000 ya injini. Mtengo wa injini yatsopano, kuphatikizapo kunyamula ndi kumanga, wafika pa K5,000,000, ndipo yakale ingagulitsidwe K800,000. Pafunika K4,200,000, pali K1,200,000, ndiye kuti pakusowa K3,000,000 ndipo zatsala zaka zitatu. Gulu liyenera kusunga K1,000,000 pachaka m'malo mwa K600,000. Pa ndowa iliyonse, gawo la injini lakwera kuchoka pa K50 kufika pafupifupi pa K83. Nambala imeneyi imapweteka, koma ndi bwino kuidziwa zaka zitatu zisanathe kusiyana ndi kuidziwa tsiku limene injini yafa, pakuti tsopano muli ndi nthawi yokweza mtengo wogayira pang'ono kapena kuchepetsa zogawana. Mukamawerengera motere, m'buku mukhala nambala ziwiri: kutha kwa chipangizo potsata mtengo umene munagulira, kumene owerengera chuma amafuna, ndi ndalama yosunga potsata mtengo wa lero, imene ndi yofunika kwambiri kuti ntchito isaime.

Zipangizo zathu tinapatsidwa ndi bungwe lothandiza, sitinagule. Kodi tiwerengerenso?

Inde, ndipo inu ndi amene muyenera kusamala koposa. Gulu limene linagula lokha limakumbukira ululu wa kupeza ndalamayo, pamene gulu limene linalandira limaona ngati makina alibe mtengo, ndipo nthawi zambiri limaika mtengo wogayira wotsika kuposa zigayo zina pofuna kukopa anthu. Mtengo wotsikawo umatheka chifukwa chakuti injini sikulipiridwa, ndipo umatha tsiku limene injiniyo yatha. Mabungwe ambiri amapereka chipangizo kamodzi, ntchito yawo m'deralo ikatha amachoka, ndipo amene wayenda m'midzi waonapo nyumba za zigayo zokhoma, chikwangwani cha amene anapereka chikadali pakhoma. Funsani mtengo wa chipangizo chofanana nacho kwa ogulitsa, muchilembe m'kaundula pa mtengo umenewo, ndipo muyambe kusunga kuyambira mwezi woyamba.

Ngati mukulemba pempho la thandizo, ikani mzere umenewu mu bajeti ya kayendetsedwe ka ntchito ndipo mufotokoze kuti ndalama yake idzachokera pa zogulitsa. Amene amawerenga mapempho amafuna kuona momwe ntchito idzapitirire thandizo likadzatha, ndipo mzerewu umayankha funso limenelo ndi manambala.

Nanga ngati tinagula pa ngongole? Kubweza ngongole ndi kusunganso, si kulipira kawiri?

Pamaoneka ngati choncho, ndipo pa ndalama ya m'manja ndi zoona kuti katundu amalemera kawiri pa nthawi imodzi: mukumaliza kulipira injini ya lero pamene mukukonzekera ya mawa. Powerengera phindu, chimene chimalowa pa zowonongera ndi chiwongoladzanja cha ngongole ndi kutha kwa chipangizo. Kubweza mutu wa ngongole sikulowa pamenepo, kumaoneka pa bajeti ya ndalama zolowa ndi zotuluka. Mukaika zonse ziwiri, mutu wa ngongole ndi kutha kwa chipangizo, pa zowonongera, ndiye kuti mwawerengadi injini imodzi kawiri.

Pa zochita zenizeni, ngati ndalama sikukwanira zonse, yambani ndi ngongole, chifukwa chiwongoladzanja chimene mumalipira pa ngongole chimaposa chimene mungalandire pa ndalama yosunga. Koma yang'anani zaka. Ngongole ya zaka ziwiri pa injini ya zaka zisanu imakusiyirani zaka zitatu zosungira, ndipo gulu ligwirizane kuti ngongole ikangotha, ndalama imene inkapita kwa wobwereketsa izipita kuthumba la makina, isasanduke zogawana. Ngongole imene nthawi yake ndi yofanana kapena yoposa moyo wa chipangizo ndi yoopsa, popeza mungapezeke mukulipirabe injini imene inafa.

Ndalamayi tiisunge kuti?

Malo osayenera kwambiri ndi bokosi la tsiku ndi tsiku, ndipo otsatira ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi. Airtel Money ndi TNM Mpamba n'zothandiza potumiza ndalama kubanki popanda kuwononga ya ulendo, koma thumba la gulu lisakhale pa nambala ya membala payekha. Tsekulani akaunti yapadera kubanki kapena ku SACCO m'dzina la gulu, yosiyana ndi imene mumalipirira dizilo, yokhala ndi osayinira atatu ndipo awiri azisayina ndalama isanatuluke. Malamulo a gulu anene momveka kuti ndalama ya m'menemo imatuluka pokhapokha msonkhano wa mamembala wavomereza, ndipo ntchito yake ndi kugula chipangizo china kapena kukonza kwakukulu. Gawo limene silifunika posachedwa lingaikidwe pa akaunti yosatapa kwa miyezi ingapo, imene imapereka chiwongoladzanja chokulirapo.

Ambiri amafunsa za banki mkhonde, popeza chiwongoladzanja chake chimaoneka chokoma. Vuto lake n'lakuti ndalama ya kumeneko imakhala m'manja mwa anthu obwereka, ndipo injini ikafa mu Juni simungaitolere tsiku lomwelo. Komanso banki mkhonde imagawana pakutha pa chaka chake, nthawi zambiri pamene anthu akufuna feteleza, ndipo ndalama ya makina ikafika m'manja pa nthawi imeneyo n'kovuta kuti ibwererenso. Chimodzimodzi kubwereketsa mamembala kuchokera m'thumba la makina: amene wabwereka ndi mnansi, mpongozi kapena mkulu wa mpingo, ndipo kumulonjerera kumavuta.

Popeza ndalama yogona imachepa mphamvu mitengo ikamakwera, pali nzeru yogula chipangizo nthawi yake isanakwane. Thumba likafika pa mtengo wa injini yatsopano pamene yakale ikadali kugwira ntchito, kugula n'kuisunga pamalo ouma ndi otetezeka kumakutetezani ku kukwera kwa mtengo, komanso kumatanthauza kuti tsiku la ngozi chigayo chidzaima kwa masiku ochepa okha. Musanatero, funsani wogulitsa za chitsimikizo chake, chifukwa kawirikawiri nthawi ya chitsimikizo imayamba kuwerengedwa tsiku logula ngakhale injiniyo isanalizidwe.

Tidziwa bwanji kuti nthawi yosintha yafika, osati yongokonza?

Injini imachenjeza isanafe, ndipo machenjezo ambiri amaonekera m'buku asanaonekere kumakutu. Choyamba ndi dizilo: lembani malita amene mwathira ndi ndowa zimene mwagaya, ndipo muone ngati lita imodzi ikugayabe ndowa zofanana ndi za chaka chatha. Nambala imeneyi ikatsika, yambani mwaona zotsika mtengo, chifukwa nyundo zakutha, sefa yotsekeka kapena lamba woterereka zimadyetsanso dizilo. Nyundo zikatha mbali imodzi zimatembenuzidwa, zikatha konse zimasinthidwa zonse pamodzi kuti chigayo chisanjenjemere n'kuwononga mabering'i. Ngati zonsezi zili bwino koma dizilo akupitabe, vuto lili mu injini.

Utsi nawo umanena zambiri. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, kawirikawiri chifukwa maringi a pisitoni atha, ndipo mudzaona kuti wogayitsa akuwonjezera oyilo pafupipafupi. Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo sakupsa bwino, mwina chifukwa cha fyuluta ya mpweya yotsekeka, nozo yopopera dizilo yowonongeka kapena katundu wochuluka, ndipo zimenezi zimakonzeka. Injini imene ikuvuta kulira m'mawa, imene ikutentha msanga, kapena imene mphamvu yake imagwa mukangothira chimanga chambiri, yayandikira kutsegulidwa.

Kutsegula injini n'kusintha pisitoni, maringi ndi laina kungaiwonjezere moyo, ndipo ntchito yaikulu yotere ingalipiridwe kuchokera m'thumba la makina, malinga mukatero muwerengerenso zaka zotsala ndi ndalama yosunga. Poganiza ngati mukonze kapena musinthe, phatikizani ndalama zokonzera injini za miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, dizilo wowonjezera amene ikudya, ndi ndalama imene munataya masiku amene chigayo chinaima. M'chitsanzo chathu, tsiku limodzi la ndowa 40 ndi K40,000 yosalowa, pamene malipiro a antchito akuwerengabe, ndipo amayi amene apeza chitseko chotseka kawiri amazolowera njira ya kuchigayo china. Zonsezi zikaposa mtengo wa kutha kwa injini yatsopano pa chaka chimodzi, kupitiriza kukonza kwayamba kukudyerani ndalama.

Kodi thumba limeneli lingatithandizenso makina akabedwa kapena nyumba ikapsa?

Thumbali linawerengedwa potsata kutha kwa pang'onopang'ono, choncho mota ikabedwa m'chaka choyamba mudzapezamo gawo laling'ono chabe. Ngozi zotere zimafuna njira yake: loko ndi zitseko zolimba, mlonda, inshulansi ngati mungaikwanitse, kapena kathumba kena ka zadzidzidzi kokhala ndi mzere wakewake mu bajeti.

Kodi nambala imene tawerengera ndi yomwe a msonkho amavomereza?

Si nthawi zonse. Malawi Revenue Authority imatsata malamulo a msonkho amene ali ndi miyeso yakeyake ya ndalama imene bizinesi ingachotse chifukwa cha makina ndi nyumba, ndipo miyeso imeneyo ingasiyane ndi zaka zimene inu mwasankha. Ngati ntchito yanu inalembetsedwa ndipo imapereka msonkho wa phindu, sungani malisiti ogulira zipangizo ndipo mufunse kuofesi yawo kapena kwa wowerengera chuma. Bajeti yanu ya m'gulu ipitirize kutsata moyo weniweni wa makinawo.

Tawerengera ndipo tapeza kuti tikachotsa kutha kwa zipangizo phindu palibe. Titani?

Masamuwo sanabweretse vuto, angoulula limene linalipo kale. Pali malo atatu oyang'ana. Oyamba ndi mtengo: m'chitsanzo chathu, kuwonjezera K50 pa ndowa kumabweretsa K600,000 pachaka ngati ogayitsa sachepa, koma muyenera kudziwa mtengo wa zigayo zoyandikana nanu, makamaka za magetsi zimene nthawi zambiri zimagaya motchipirapo. Achiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito, popeza malipiro a antchito ndi nyumba sizisintha ngakhale ndowa zichuluke. Mgwirizano wogayira sukulu yogonera konko, kapena kugulitsa madeya amene amatsala kwa oweta nkhumba ndi nkhuku, kungasinthe chithunzi chonse. Achitatu ndi kutayika: ndowa zosalembedwa, achibale ogayitsa pa ngongole imene sibwezedwa, ndi dizilo amene amatuluka m'chigubu usiku.

Ngati zonsezi zayesedwa ndipo ntchito sikukwanitsabe kulipira makina ake, komiti iuze mamembala poyera, ndipo gulu lisankhe pakati pa kusiya kugawana kwa kanthawi, kuchepetsa ntchito kuti itsale ndi makina amene akudzilipira, kapena kugulitsa zipangizo zikadali ndi mtengo.

Ntchito yathu inayamba zaka zitatu zapitazo ndipo sitinasungepo kalikonse. Tiyambire pati?

Yambani ndi kaundula wa zipangizo, amene angakhale kope wamba la kusukulu. Chipangizo chilichonse chikhale ndi tsamba lake, pomwe mulembepo dzina ndi mtundu wake, nambala imene inadindidwa pachitsulo, chaka chimene chinagulidwa, mtengo wake pa nthawiyo, mtengo wa chatsopano lero, zaka zimene mekaniki akuona kuti zatsala, ndi kukonza kulikonse kumene kwachitika pamodzi ndi tsiku lake. Musavutike kubweza zaka zitatu zimene zapita. Gwiritsani ntchito masamu a zaka zotsala aja, ndipo pa ndalama yosungidwa kale mulembe kuti palibe.

Nambala imene ituluke ingakhale yaikulu kuposa imene mungakwanitse. Ngati ndi choncho, musagawe kochepa kamene muli nako pa zipangizo zonse mofanana. Ikani patsogolo chimene chili pafupi kutha komanso chimene chikaima ntchito yonse iima, chomwe pachigayo cha dizilo ndi injini, ndipo nyumba ndi thupi la chigayo zidikire. Injini ya K5,000,000 imene yatsala ndi zaka ziwiri, yakale n'kugulitsidwa K800,000, ikufuna K175,000 pamwezi. Ngati gulu lingakwanitse K100,000 yokha, pakutha pa zaka ziwirizo lidzakhala ndi K2,400,000, ndipo pamodzi ndi ya injini yakale idzakhala K3,200,000. Yosowa ndi K1,800,000, ndipo komiti ingayambe lero kukambirana ndi SACCO kapena banki za ngongole ya ndalama imeneyo, itanyamula buku la akaunti loonetsa kuti gulu lakhala likusunga mwezi ndi mwezi.